Bilu ya manzi yafika K1,260, manje amalume muwauza bwanji?

Pa nyumba ya lenti yamene anthu akhala ogawana, malaiti savuta kukamba. Mita ya ZESCO ni ya mayuniti olipililatu, ikatha imalila, nyumba yonse mdima, ndipo aliyense amayamba kufunafuna foni kuti agule. Palibe amene angakambe ati sanaone. Manzi ndiye amabweletsa mulandu, chifukwa m'nyumba zambili za ku Chilenje, Kabwata, Libala ndi Matero mita ya manzi ikali yolipila pambuyo. Musamba lelo, muchapa mailo, pompi ipitiliza kutulutsa ngati palibe nkhani, pamene nkongole ikukula mwakachetechete pa akaunti. Amene amaiona ni munthu mmodzi chabe, uja amene bilu imafikila m'manja mwake kapena pa foni yake. Ndipo ni yemweyo amene afunika kutsegula pakamwa.

Tiyeni titenge nyumba imodzi ya ku Chilenje, ya zipinda zitatu. Amene anasaina ndi ba landilodi ni sisi wina amene aluka tsitsi pa saluni m'tauni. Chipinda chachiwili akhalamo mnyamata wa pa buthi ya mobailo mane, si m'bale wake, anangogwilizana kuti azigawana lenti. Chachitatu chinali chosungilamo katundu mpaka kuchiyambi kwa Epulo, pamene amalume ake a sisi anafika kuchoka ku Chipata ndi masaka a nshawa kuti akagulitse ku Soweto. Anati akhala masabata awili. Tili mu Juni, akalipo, ndipo malonda akuyenda bwino moti anatumiza kale uthenga kumudzi kuti awonjezele masaka.

Bilu yamene ili pa thebulo ikamba K1,260, ndipo miyezi itatu palibe analipila ngakhale ngwee. Chikutsatila ni kujubidwa manzi. Akajuba, kulipila nkongole yokha sikukwana, pamakhalanso ndalama yolumikizilanso. Ndipo poti akaunti ili m'dzina la ba landilodi, monga zimakhalila pa nyumba zambili za lenti, nkhani ikawafika sadzafunsa mnyamata wa pa buthi kapena amalume. Adzafunsa amene anasaina, ndipo tsiku lokuuka adzaidula pa dipoziti yake.

Chimene ambili amachita akaona nambala ngati iyi ni kuigawa patatu, K420 aliyense, n'kuponya uthenga pa gulupu ya WhatsApp. Apa ndiye pamayambila ndeu, chifukwa K1,260 si bilu imodzi. Ni mabilu atatu okhala pamwamba pa anzake, ndipo anthu amene anali m'nyumba sanali ofanana mwezi uliwonse. Bilu ya manzi imaonetsa padela nkongole yakale yobwela kuchoka kumbuyo ndi ndalama ya mwezi uno, choncho musanakambe ndi munthu, pezani mabilu onse kapena pemphani sitetimenti ya akaunti ku ofesi ya Lusaka Water, muone mwezi ndi mwezi.

Sisi atachita zimenezi anapeza kuti Malichi inali K300, Epulo K420, Meyi K540. Mu Malichi munali anthu awili chabe m'nyumba, ndiye ni K150 aliyense, amalume sizikuwakhudza. Epulo anali atatu, K140 aliyense. Meyi atatu, K180 aliyense. Mukaphatikiza, sisi ali ndi K470, mnyamata K470, amalume K320. Onani kusiyana kwake. Kugawa patatu kukanawalipilitsa amalume K100 ya manzi amene anthu anasamba iwo akali ku Chipata, ndipo munthu amene amawelenga ndalama za nshawa pa meda tsiku lonse sangalephele kuziona zimenezo. Akangopeza cholakwika chimodzi m'masamu anu, nkhani yonse imachoka pa bilu n'kupita pa khalidwe lanu.

Palinso kanthu kena kamene sisi akanakonda kakanaiwalika. Mu Malichi mnyamata anamupatsa K200 pamanja, ati ya manzi. Sabata imeneyo malaiti anali kuvuta, malasha anafunika, makasitomala anali ochepa, ndipo ndalama ija inalowa mu mbaula. Sinafike pa akaunti. Manje ngati afuna kukamba zoona, K200 ija ichoke pa gawo la mnyamata ipite pa gawo lake. Mnyamata atsala ndi K270, sisi akwela kufika K670, amalume akhala pa K320, ndipo zonse pamodzi zibwelela pa K1,260. Zowawa, koma mnyamata wa pa buthi nchito yake ni kukumbukila ndani anamupatsa zingati, tsiku liti. Sisi akaibisa, iye adzaitulutsa yekha, mwina pamaso pa amalume.

Funso lina limene lidzabwela ndithu ni lakuti n'chifukwa chani Meyi yakwela chonchi, pamene anthu ni omwewo atatu a mu Epulo. Musapite kukakamba mulibe yankho, chifukwa aliyense adzapeza wom'loza chala. Mnyamata adzakamba za makasitomala amene sisi amawasambitsa tsitsi pa nyumba pa Sande, sisi adzakamba za mtsikana wa mnyamata amene amabwela Lachisanu n'kuchapa mabulangeti, ndipo onse awili adzaganiza za amalume koma osatchula. Mita ili panja apo, siikondela munthu. Manambala akuda pa mita amawelenga makyubiki, ofiila amawelenga tizigawo ta kyubiki. Kyubiki imodzi ni malita 1,000, kutanthauza zigubu 50 za malita 20. Choyamba yelekezani nambala yolembedwa pa bilu ndi yamene ili pa mita. Ngati ya pa bilu ili kutsogolo kwa ya pa mita, ndiye kuti bilu ni yongoyelekeza kapena analemba molakwa, jambulani mita pa foni mupite nayo ku ofesi. Ngati manambala agwilizana, yesani ngati pali potayika. Tsekani mapompi onse nthawi yamene manzi alipo, musagwilitse nchito toileti, lembani nambala, mudzaonenso pakapita maola angapo.

Sisi anawelenga usiku anthu atagona, n'kuwelenganso m'mawa patapita maola 8, ndipo mita inali itayenda malita 80 popanda wotsegula pompi. Amenewo ni malita 10 pa ola, 240 pa tsiku, kupitilila makyubiki 7 pa mwezi. Wolakwa anali labala ya mu thanki ya toileti yamene inaleka kutseka bwino, manzi angotsikila mu mbale pang'onopang'ono, kaphokoso kaja kamene aliyense amakamva usiku koma palibe amene amakasamala. Ndipo mitengo ya manzi, yamene NWASCO imavomeleza, imakwela ndi masitepe, makyubiki oyamba ni otchipa, mukapitilila mulingo otsatila amadula. Choncho manzi otayika amawelengedwa pamwamba, pa mtengo wodula. Kukonza thanki ni nkhani ya ba landilodi, koma manzi anadutsa kale pa mita, ndipo kampani idzafuna ndalama yake kaya anawasamba munthu kaya anapita mu suweji. Ubwino wake ni wakuti manje sisi ali ndi chifukwa chimene sichili pa mutu pa munthu aliyense, ndipo zimenezi zimafewetsa kukamba kuposa mau okoma aliwonse.

Mnyamata ndiye wosavuta, malinga musankhe nthawi. Osati m'mawa pamene athamangila basi ya m'tauni, chifukwa adzangoti "tizakamba" ndipo mawu amenewo mu Lusaka atanthauza sabata ina. Osatinso pamene mtsikana wake alipo, munthu akachita manyazi pamaso pa chibwenzi amakana ngakhale nkongole yamene aidziwa. Sisi anam'peza madzulo atabwela, anam'patsa bilu m'manja, n'kunena kuti:

"Iwe, bilu ya manzi yafika K1,260, miyezi itatu, bazatijuba. Gawo yako inali K470, koma ija K200 unanipasa mu Malichi sininaipeleke, ninagula malasha, ndiye naichosako. Wasala na K270. Nifuna tilipile pasanafike pa 15. Uzakwanisa liti?"

Mu mau ochepa amenewa muli ndalama yonse, gawo lake, tsiku, ndi funso limene yankho lake ni deti. Yelekezani ndi zimene timakonda kukamba, zija za "mwandi manzi yadula masiku yano" tili kuyang'ana kudenga. Mnzanu adzavomela kuti zoona yadula, adzadandaula nanu pamodzi, n'kulowa m'chipinda chake. Mwakamba za chuma cha dziko, simunam'pemphe kalikonse. Ndipo kutchula K200 ija poyamba, iye asanafunse, kunam'chotsela chida chokhacho chimene akanagwila. Anaseka, anati anali kuyembekeza kuti aone ngati adzaikumbuka, ndipo analonjeza K150 Lachisanu, K120 yotsala sabata yotsatila. Sisi anavomela, koma anam'tumizila uthenga pa foni usiku womwewo wobweleza manambala ndi masiku, kuti pasadzakhale za "sininakambe so".

Ine pa nkhani ya kulandila ndalama pamanja ndili ndi maganizo amodzi chabe, musalandile. Mupatseni nambala ya akaunti ya manzi alipile yekha pa Airtel Money kapena MTN MoMo, atumize uthenga wa lisiti. Ndalama ikadutsila m'chikwama cha munthu imakumana ndi malasha, ndiwo ndi basi panjila, mwaona kale zimene zinachitikila K200.

Manje amalume. Apa masamu ni omwewo koma njila ni ina, chifukwa sisi sangaime pakhomo n'kunena "gawo yanu ni K320" kwa mlongo wa amayi ake, munthu amene mwina anam'lipililako sukulu. Kwathu mlendo sauzidwa mtengo wa manzi amene wasamba, ndipo malume si mlendo wamba. Vuto ni lakuti palibe tsiku limene munthu amalengeza kuti waleka kukhala mlendo. Masabata awili analidi mlendo. Miyezi itatu, ali ndi kiyi yake, malo ake opachika thaulo ndi bizinesi ku Soweto, ni wokhala m'nyumba. Iye angakhale akudziwa zimenezi mumtima, koma sadzayamba yekha, ndipo nthawi zina sadziwa n'komwe kuti m'tauni manzi a pa pompi amawelengedwa pa mita ngati mayuniti.

Sisi anadikila atadya nsima, mnyamata atatuluka, anakhala pansi pang'ono monga mwa ulemu, ndipo anayamba ngati wodziwitsa wamkulu vuto la pa nyumba.

"Amalume, nili na nkhani ya pa nyumba pano, nifuna munithandize maganizo. Bilu ya manzi yakula, yafika K1,260, ndipo tikapanda kulipila bazajuba. Nakhala nayo pansi nawelenga. Ya Malichi ni yathu na uja mnyamata, imwe munalibe kubwela. Ya Epulo na Meyi nagawa patatu, yabwela K320 pa munthu. Ine nizaika K670, mnyamata K270. Nenze kupempha ngati mungatigwileko pa K320 yasala."

Onani mmene nambala inalowela. Sanaibise, koma inabwela pambuyo pa gawo lake iye mwini, limene ni lalikulu kuposa onse, ndiponso pambuyo poonetsa kuti Malichi sanawawelengele. Wamkulu akaona kuti mwana wanyamula katundu wolemela ndipo sanam'bele, kukana kumam'vuta. Mawu akuti "mutigwileko" amawasiyila ulemu wa munthu wothandiza, pamene K320 yatchulidwa bwinobwino. Kuchotsa nambala poopa kuoneka wamwano ndiye kulakwitsa kwakukulu, chifukwa amalume adzatulutsa K50 ndi mtima woyela, n'kuona ngati nkhani yatha, ndipo kubwelelanso kachiwili kumavuta kuposa poyamba.

Yankho lao linali limene amalume ambili angapeleke. Anakhala chete pang'ono, kenaka anati, "Mwana wanga, nanga nshawa zija ndinabweletsa, ndi thumba la unga ndinagula mwezi watha?" Anali kunena zoona, thumba la makilogalamu 25 anagula, ndipo nyumba yonse inadya. Apa ambili amagwa mbali imodzi. Ena amachita manyazi n'kusiya nkhani, ena amayankha kuti kampani ya manzi silandila nshawa, zimene ni zoona koma zidzafika ku Chipata usiku womwewo. Njila yapakati ni kuvomela kuti unga ni ndalama, n'kuuika pa malo ake. Unga ni wa chakudya, ndipo ngati amalume apitiliza kugula thumba mwezi uliwonse, sisi sadzawapemphanso za chakudya. Koma bilu iyi ifuna ndalama pa akaunti pasanafike pa 15. Sisi anathokoza za unga, anati waupeputsa maningi mwezi uja, n'kubwelela pa deti. Amalume anati ndalama zili mu katundu, adzapeleka K200 Loweluka akagulitsa, yotsala kumapeto kwa mwezi.

Apa pali masamu ena ofunika kuwaona msanga. Pofika pa 15, chimene chili m'manja ni K670 ya sisi, K150 ya mnyamata ndi K200 ya amalume, pamodzi K1,020. Kwatsala K240, K120 kwa aliyense wa awiliwo. Musadikile kuti ndalama yonse ikwane ndiye mulipile. Lipilani yamene ilipo, pitani ku ofesi ndi malisiti mukakambe za yotsala ndi tsiku limene mudzamaliza, mumve kwa iwo ngati avomela. Akaunti yamene yangolandila K1,020 ndi munthu amene wabwela yekha kudzakamba sizifanana ndi akaunti yamene yakhala zii miyezi itatu. Ngati sisi asankha kutseka K240 ija ndi ndalama zake kuti agone bwino, awauze onse awili tsiku lomwelo kuti waikongoza, si mphatso. Nkongole yamene munthu sanauzidwe imasanduka thandizo m'mutu mwake.

Nanga amalume akanakana? Pali njila yoimbila amayi ku Chipata kuti akambe ndi mlongo wao, ndipo imagwila nchito, koma ikhale yachiwili. Mukayamba ndi foni musanakambe nao maso ndi maso, amalume adzamva kuti mwawaneneza kumudzi ngati munthu wodya za mwana, ndipo K320 mudzailandila pamodzi ndi nkhani yamene idzakambidwa pa malilo ndi pa maukwati zaka zisanu. Mukaimba, apempheni amayi nzelu ya mmene mungakambile, musawatume kukatolela ndalama. Kwa mnyamata amene si m'bale, chachiwili chake ni chosiyana, ni kumuuza poyela kuti gawo la manzi lidzawonjezedwa pa lenti ya mwezi wotsatila, ndipo ngati zipitiliza, ba landilodi adzamva kuti chipinda chifuna munthu wina.

Pokhala kuti onse atatu anali atayamba kale kukamba za ndalama, sisi anakonzelatu ndi za malaiti, chifukwa kumenekonso kuli kamsampha. Anali kuchita zosinthana, uyu agula mayuniti a K100 kuchiyambi kwa mwezi, akatha wina agula a K100. Zioneka zofanana, koma mitengo ya ZESCO ya m'nyumba nayonso ili ndi masitepe pa mwezi. Mayuniti oyamba kugulidwa mwezi ukangoyamba ni otchipa, mukapitilila mulingo mtengo umakwela mpaka mwezi wina utayamba. Ndiye K100 ya pa 2 imabweletsa mayuniti ambili kuposa K100 ya pa 24, ndipo wogula kumapeto amaoneka ngati waumbombo chifukwa ake amatha msanga, pamene anatulutsa ndalama yofanana. Anagwilizana kuti aziwelenga makwacha amene munthu waika, osati masiku amene mayuniti ake akhala, ndi kuti bilu ya manzi ikangofika, aijambule aitumize kwa onse tsiku lomwelo, igawidwe pa anthu amene anagona m'nyumba mwezi umenewo.

Pa mtsikana wa Lachisanu uja sanamalize kugwilizana. Mnyamata anati masiku awili pa sabata si kukhala, sisi anati mabulangeti awili pa sabata ni manzi, mnyamata anakumbutsa za mitu ya makasitomala a pa Sande. Anasiya kuti ziwilizo zizilipilana zokha mpaka aone bilu ya Julayi, yoyamba ya mwezi wathunthu labala ya mu thanki itasinthidwa.